Masamu ali ngati makwerero: mmene ndinaduliradulira silabasi mpaka inandimvera

Awa ndi mawu amene ndinalankhula pa msonkhano wathu wa Loweruka lapitali. Ena munapempha kuti alembedwe chifukwa masamu a pa bolodi anafufutidwa musanamalize kukopera, ndiye ndi awa.

Ambiri mukundidziwa, koma chimene mwina simukudziwa n'chakuti mayeso a MSCE ndinalemba kawiri. Ulendo woyamba maphunziro ena anayenda bwino ndithu, koma masamu ndinapeza 8. Mukudziwa kuti kirediti imathera pa 6, ndipo 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe. Kosi imene ndinkafuna inkafuna kirediti ya masamu, ndiye 8 ameneyu ananditsekera chitseko chaka chathunthu. Ulendo wachiwiri ndinapeza 4. Mutu wanga ndi womwewu, buku linali lomwelo. Chimene ndinasintha ndi kawerengedwe, ndipo lero ndikufuna ndikuonetseni chinthu chimodzi chokhachi.

Poyamba ndinkawerenga chonchi: ndinkatenga pepala la mayeso a chaka china, n'kuyamba funso loyamba. Likandikanika, ndinkayang'ana yankho, n'kunena kuti “aaa, zinali choncho eti,” kenako n'kupita pa funso lachiwiri. Pakutha pa sabata ndinkakhala nditaona mapepala atatu, koma mukanandipatsanso funso loyamba lija, likanandikanikanso. Ndinkadumphira pamwamba pa khoma tsiku lililonse, n'kumagwa malo omwewo, osadziwa kuti chikundigwetsa n'chiyani.

Silabasi imene timaphunzira imangondandalika mitu: uwu wa Fomu 1, uwu wa Fomu 2, mpaka Fomu 4. Aphunzitsi amaitsatira chifukwa ali ndi zaka zinayi. Iwe amene watsala ndi miyezi ingapo ukufunika kudziwa china: mutu uwu waimira pa mutu uti? Ukadziwa zimenezo, mitu ija imaleka kukhala mulu, imasanduka makwerero. Ine yanga ndinaigawa m'makwerero akuluakulu asanu: aljebura, magirafu, jometire, tirigonometire, ndiponso sitatisitikisi pamodzi ndi pulobabilite. Mitu ngati maseti ndi mamatirikisi ndinaiika pambali ngati timakwerero tatifupi, chifukwa sikhala ndi zambiri pansi pake. Lero sititha zonsezi. Titenga makwerero amodzi, a makwadiratiki, n'kuwamanga pamodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mukaona mmene amamangidwira, enawo mukamanga nokha.

Lamulo loyamba ndi ili: makwerero timawamanga kuchokera pamwamba, koma timawakwera kuchokera pansi. Kumanga kuchokera pamwamba ndiye kuti umayamba ndi funso la mtundu umene umabwera pa mayeso, n'kudzifunsa kuti, kodi kuti ndiyankhe limeneli ndiyenera kukhala ndikudziwa chiyani? Ukapeza yankho, umafunsanso funso lomwelo pa chinthu chapezekacho, mpaka utafika pa chinthu chimene ungachite uli m'tulo.

Tiyeni titenge funso ili. Dimba lili ndi mbali zinayi ngati chitseko. Mulitali mwake mukuposa kawiri mulifupi mwake ndi mamita 3. Malo onse a dimbalo ndi masikweya mita 65. Pezani mulifupi ndi mulitali mwake.

Mulifupi tikautcha x, mulitali ukhala 2x + 3. Malo ndiye mulifupi kuchulukitsa ndi mulitali:

x(2x + 3) = 65

Tikatsegula bulaketi n'kubweretsa 65 mbali ino, tipeza:

2x² + 3x − 65 = 0

Tsopano tichulukitse 2 wa kutsogoloyo ndi −65, tipeza −130. Tikufuna manambala awiri amene tikawachulukitsa apereke −130, tikawaphatikiza apereke 3. Ndi 13 ndi −10. Ndiye 3x uja timuphwanya kukhala 13x − 10x:

2x² + 13x − 10x − 65 = 0
x(2x + 13) − 5(2x + 13) = 0
(x − 5)(2x + 13) = 0

Choncho x = 5 kapena x = −6.5. Dimba silingakhale ndi mulifupi wa negetivu, ndiye −6.5 timutaya. Mulifupi ndi mamita 5, mulitali ndi mamita 13, ndipo 5 kuchulukitsa ndi 13 ndi 65 ndithu.

Tsopano taonaninso zimene tachitazi pang'onopang'ono. Funso ndi limodzi, koma mkati mwake mwabisala ntchito zingapo. Tasandutsa mawu kukhala ikweshoni. Tatsegula bulaketi. Tasaka manambala awiri, ina ya negetivu. Tafakitoraiza pamene x² ali ndi nambala kutsogolo. Tagwiritsa ntchito mfundo yakuti zinthu ziwiri zikachulukitsidwa n'kupereka ziro, chimodzi mwa izo ndi ziro. Ntchito iliyonse mwa zimenezi ndi sitepe ya makwerero. Munthu akanena kuti “makwadiratiki amandivuta,” sanakuuze kanthu, chifukwa n'kutheka kuti sitepe yothyoka ndi imodzi yokha. Ine makwerero anga anatuluka ndi masitepe asanu ndi awiri. Ndikupatsani imodziimodzi, ndi masamu ake oyeserera. Mayankho ali kumapeto, koma musathamangireko.

Sitepe yoyamba ndi manambala a negetivu, za ku Fomu 1 zija. Musaseke, pajatu ine m'pamene ndinagwera. Yesani awa popanda kakyuleta:

(a) −7 + 12
(b) (−4) × (−6)
(c) (−5)²
(d) −5²
(e) Pezani manambala awiri amene mukawachulukitsa apereke −12, mukawaphatikiza apereke −1.

Samu ya (c) ndi ya (d) zikuoneka ngati mapasa, koma mayankho ake ndi osiyana. Sungani zimenezi, tizipezanso pa sitepe yachisanu ndi chimodzi. Samu ya (e) ndinaiika dala pansi pano ngakhale ilibe x, chifukwa ndi ntchito yomwe ija tinachita ndi −130. Mukazolowera kusaka manambala awiri chonchi, theka la kufakitoraiza mwathana nalo kale.

Sitepe yachiwiri ndi kutsegula mabulaketi:

(a) 3(x − 4)
(b) (x + 5)(x − 2)
(c) (2x − 1)(x + 4)
(d) (x − 3)²

Msampha uli pa (d). Ambiri timalemba x² + 9 kapena x² − 9, n'kuiwala chapakati. Njira yodziwira ngati mwalakwa ndi yosavuta: ikani nambala m'malo mwa x. Tinene kuti x ndi 1. Ndiye (1 − 3)² ndi 4. Koma 1 + 9 ndi 10, ndipo 1 − 9 ndi −8. Palibe chimene chapereka 4, ndiye mayankho onse awiri ndi abodza. Chizolowezi chimenechi chimakuthandizani kudzichonga nokha pamene palibe mphunzitsi pafupi.

Sitepe yachitatu ndi kubwerera m'mbuyo pa njira yomweyo: kufakitoraiza pamene x² ali yekha, wopanda nambala kutsogolo.

(a) x² − 6x
(b) x² + 7x + 12
(c) x² − x − 12
(d) x² − 49

Mwaona chifukwa chake kutsegula mabulaketi kuli pansi pa kufakitoraiza? Munthu amene satha kutsegula mabulaketi alibe njira yodziwira ngati mafakita ake ali olondola. Amangolota, n'kumadikira kuti wina amuuze. Amene amatha, akapeza mafakita amawachulukitsanso, ndipo akabwerera pamene anayambira amadziwa yekha kuti wakhoza.

Sitepe yachinayi ndi kufakitoraiza pamene x² ali ndi nambala kutsogolo, ngati mmene zinalili ndi dimba lija:

(a) 2x² + 7x + 3
(b) 3x² − 10x + 8
(c) 6x² + x − 2

Mabuku ambiri amaika sitepe yachitatu ndi yachinayi m'mutu umodzi. Ine ndinazilekanitsa, chifukwa ndinaona kuti yachitatu ndinkakhoza pafupifupi zonse pamene yachinayi ndinkangokhoza zochepa. Phunziro lake ndi lakuti sitepe iliyonse iziwonjezera chinthu chatsopano chimodzi chokha. Ngati kuchoka pa sitepe ina kupita pa inzake mukufunika kuphunzira zinthu ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi, ndiye kuti pakatipo pakusowa sitepe. Ikanipo.

Sitepe yachisanu ndiyo imene timayamba kupeza x weniweni:

(a) x² − x − 12 = 0
(b) x² = 6x
(c) x(x − 3) = 10

Apa pali misampha iwiri. Pa (b), dzanja limayabwa kuti ligawe mbali zonse ndi x, n'kupeza x = 6. Yankho limenelo n'loona, koma mwataya linzake, chifukwa ziro nayenso amakwanira mu ikweshoni imeneyi. Bweretsani zonse mbali imodzi kaye, kenako fakitoraizani. Pa (c), ena amalemba kuti x = 10 kapena x − 3 = 10. Ayi. Mfundo ija imagwira ntchito pokhapokha mbali inayo ili ziro. Manambala awiri opereka 10 alipo ambirimbiri, 2 ndi 5, 1 ndi 10, 4 ndi 2.5, ndiye simunganene kuti imodzi mwa iwo ndi 10. Koma manambala awiri akapereka ziro, palibe kuchitira mwina, imodzi ndi ziro basi.

Sitepe yachisanu ndi chimodzi ndi ya makwadiratiki amene safakitoraizika bwinobwino. Apa timagwiritsa ntchito njira yokwaniritsa sikweya, kapena fomula imene imachokera m'njira yomweyo:

x = [−b ± √(b² − 4ac)] / 2a

Funso likanena kuti yankho liperekedwe ku madesimo awiri kapena ku manambala ofunika atatu, dziwani kuti likukuuzani mwakachetechete kuti musataye nthawi kusaka mafakita. Yesani awa:

(a) x² + 6x − 7 = 0, pokwaniritsa sikweya
(b) x² + 4x − 3 = 0, ku madesimo awiri
(c) 2x² − 5x − 4 = 0, ku madesimo awiri

Ndikufuna tichite (c) limodzi, chifukwa samu ya mtundu umenewu ndi imene inanditsegula maso. Apa a = 2, b = −5, c = −4. Ndiye b² ndi (−5)², amene ndi 25. Kenako −4ac ndi −4 × 2 × −4, amene ndi 32. Tikaphatikiza tipeza 57, ndipo sikweya ruti ya 57 ndi pafupifupi 7.55. Choncho x = (5 + 7.55) / 4 kapena x = (5 − 7.55) / 4, kutanthauza kuti x = 3.14 kapena x = −0.64.

Ine kale ndinkapeza 1.91 ndi 0.59. Mukudziwa chifukwa chake? Pa kakyuleta ndinkalemba −5² wopanda mabulaketi. Kakyuleta imayamba yapanga 5 kukhala sikweya, kenako n'kuika negetivu kutsogolo, ndiye imapereka −25. Tsono −25 kuphatikiza 32 ndi 7, osati 57, ndipo chilichonse chotsatira chimakhala cholakwika ngakhale fomula ili yolondola. Mukaika 1.91 mu ikweshoni ija mupeza pafupifupi −6.25 m'malo mwa ziro, ndiye bodza limaonekera pomwepo. Koma ine sindinkayesa. Ndinkangoona kuti yankho langa lasiyana ndi la m'buku, n'kuganiza kuti fomula sindikuimvetsa. Ndinaloweza fomula kambirimbiri, ndinaimata pakhoma pafupi ndi bedi, pamene vuto linali pa sitepe yoyamba, kusiyana kwa (−5)² ndi −5². Ndinkamwa mankhwala a mutu pamene chikupweteka ndi phazi.

Sitepe yachisanu ndi chiwiri, yapamwamba, ndi mafunso a mawu ngati la dimba lija. Nali lina loti mukayese: manambala awiri a pozetivu akusiyana ndi 4, ndipo mukawachulukitsa akupereka 96. Apezeni.

Makwerero taamanga. Tsopano nkhani ya kukwera, imene ndi yofunika kuposa kumangako. Masamu amene ndakupatsaniwa ndi chitsanzo chabe. Pa sitepe iliyonse ine ndinkasonkhanitsa masamu khumi kuchokera m'buku la kalasi ndi m'mapepala a mayeso a m'mbuyo. Asanu oyamba anali olunjika, opanda chobisika. Atatu anali okhala ndi msampha, ngati (x − 3)² kapena x² = 6x. Awiri omaliza ndinkawatenga pa masitepe apansi, kuti zakale zisazizire. Ndinkalemba buku lili chotseka, ndipo ndinkadzilola kukwera pokhapokha ndikakhoza 8 mwa 10. Ndikapeza 6 kapena 7, ndinkakonza zolakwazo n'kulemba khumi ena mawa lake. Ndikapeza 5 kutsika m'munsi, sindinkalimbana nayo sitepe imeneyo, ndinkatsika imodzi, chifukwa kulephera kotero kumasonyeza kuti chothyoka chili pansi.

Ndinawonjezera lamulo lina nditapusitsidwa kangapo. Ukangomaliza kuwerenga chitsanzo, masamu ofanana nacho amayenda okha, chifukwa njira ikadali m'maso. Kumeneko si kudziwa ayi. Choncho ndikakhoza sitepe lero, ndinkadikira masiku atatu n'kuyesanso masamu asanu atsopano. Ndikakhoza anayi, ndinkachonga sitepeyo m'kope kuti yalimba. Ndikalephera, ndinkaibwereza mopanda kukangana ndi mtima wanga.

Chinthu chomaliza pa kukwera ndi kalembera wa zolakwa. Kumapeto kwa kope langa ndinasiya masamba awiri. Samu iliyonse imene ndalakwa, ndinkafufuza mzere weniweni umene zinasokonekera, n'kulemba nambala ya sitepe imene mzerewo ukuchokera. Osati nambala ya sitepe imene ndinali, ayi, koma ya kumene cholakwacho chikuchokera. Samu ija ya 1.91 ndinaichita pa sitepe yachisanu ndi chimodzi, koma m'kalembera inalowa ngati cholakwa cha sitepe yoyamba. Patatha masabata awiri ndinawerenga, ndipo nambala 1 ndi imene inachuluka kuposa zonse. Zinandichititsa manyazi, munthu woti ndinamaliza Fomu 4 kubwerera ku manambala a negetivu. Koma ndinakhalapo masiku anayi okha, ndipo zimenezo zinakonza makwadiratiki, masaimotenasi ndi magirafu nthawi imodzi, chifukwa onsewa aimira pa sitepe yomweyo.

Apa ndiye pali ubwino wina wa kugawa silabasi chonchi. Makwerero amagwirizana mapazi. Masitepe anayi oyamba amene tamangawa ndi omwewonso amene ali pansi pa mafulakishoni a aljebura, chifukwa kumenekonso umayamba wafakitoraiza usanafupikitse. Sitepe yachisanu ndi imene imakuuza pamene girafu ya kwadiratiki ikudula mzere wa x. Ndiye musaope kuti makwerero asanu a masitepe asanu ndi awiri ndi ntchito yosatha. Oyamba ndi amene amadya nthawi. Anga a makwadiratiki ananditengera pafupifupi masabata atatu, ola limodzi patsiku, koma a mafulakishoni a aljebura ndinangowonjezera masitepe atatu pamwamba pa amene ndinali nawo kale.

Kuti muone kuti njirayi si ya aljebura yokha, tirigonometire yanga ndinaiyala motere: Paithagorasi pansi, kenako saini, kosaini ndi tanjenti m'thirayango ya ngodya ya madigiri 90, kenako ngodya zoyang'ana m'mwamba ndi pansi, kenako malamulo a saini ndi kosaini, kenako mabeyaring'i, ndipo pamwamba penipeni mafunso a zinthu zokhala ndi mulitali, mulifupi ndi msinkhu. Pa sitepe iliyonse masamu khumi, malamulo omwe aja.

Ndisakunamizeni, njirayi ili ndi malire ake. Ukakhala pa sitepe yachinayi umadziwiratu kuti samu iliyonse ikufuna kufakitoraiza. M'chipinda cha mayeso palibe amene adzakuuze zimenezo. Mafunso a MANEB amabwera osakanikirana, ili la maseti, lotsatira la tirigonometire, linalo la kwadiratiki yobisala mkati mwa nkhani ya dimba. Kuzindikira kuti funso ili likufuna chida chiti ndi luso lapadera, ndipo makwerero okha sakuphunzitsa. Ine ndinkathana nazo Loweruka lililonse: ndinkalemba masamu ochokera ku makwerero onse amene ndakwerapo pa timapepala, n'kutiika m'kapu, n'kutola khumi mosayang'ana. Miyezi iwiri yomaliza ndi imene ndinabwerera ku mapepala athunthu a mayeso, ndikudziikira nthawi. Apa tsopano mapepala aja anayamba kugwira ntchito, chifukwa funso likandikanika ndinkadziwa makwerero ake ndi sitepe yake yoti ndibwerereko.

Malire ena ndi akuti makwerero anga sangakhale anu ndendende. Wina sitepe yoyamba sakuifuna n'komwe, wina afunika kuika ina pansi pake, ya matebulo a kuchulukitsa. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti musangokopera. Yesani masamu amene ndakupatsaniwa kuyambira pansi, ndipo pamene muyambire kulakwa, pamenepo ndi pamene makwerero anu akuyambira.

Mayankho ndi awa. Sitepe yoyamba: 5; 24; 25; −25; −4 ndi 3. Yachiwiri: 3x − 12, x² + 3x − 10, 2x² + 7x − 4, x² − 6x + 9. Yachitatu: x(x − 6), (x + 3)(x + 4), (x − 4)(x + 3), (x − 7)(x + 7). Yachinayi: (2x + 1)(x + 3), (3x − 4)(x − 2), (3x + 2)(2x − 1). Yachisanu: 4 kapena −3, 0 kapena 6, 5 kapena −2. Yachisanu ndi chimodzi: 1 kapena −7, 0.65 kapena −4.65, 3.14 kapena −0.64. Yapamwamba: 8 ndi 12.

Loweruka likudzali aliyense abwere ndi kope, cholembera, ndi funso limodzi la pa pepala la mayeso a m'mbuyo limene linamukanika. Tidzakhala awiriawiri n'kuliphwanya kuchokera pamwamba mpaka pansi, monga tachitira ndi dimba lija. Amene muli ndi makakyuleta musawaiwale, tidzabwerekane, ndipo tidzayambire pa −5² kuti mudzaone ndi maso anu.